Cheza cha dzuwa ndi fuleya zikuoneka feki pa chithunzi chanu? Yambani ndi mithunzi

Vuto lake limabwera chimodzimodzi nthawi zonse. Mwajambula malo abwinobwino, mitengo, kanjira, phiri chapatali uko, mwafuna kuwonjezerapo ka dzuwa kuti chithunzi chikhale ndi moyo, mwaika cheza, mwaika fuleya, koma mukachiyang'ana mawa lake mukuona nokha kuti kuwalako kwangomatidwa pamwamba. Ambiri zikatere amathamangira kutsitsa Opacity, kuchoka pa 100 kufika 60, kenako 30, ndiye chimene chimatuluka ndi feki yomweyo koma yofooka basi. Opacity si imene yalakwa. Cholakwika chimakhala malo amene mwaika dzuwa, ndiponso kuti cheza ndi fuleya mwazitenga ngati chinthu chimodzi pomwe ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu.

Cheza chija, mizere ya kuwala yotsika pakati pa mitengo kapena m'mabowo a mitambo, chimakhala mu mpweya. Chimaoneka chifukwa mu mpweyamo muli nkhungu, fumbi kapena utsi zomwe zikumwaza kuwala. Ndiye ndi chinthu choti chili pamalopo, chili ndi kutsogolo ndi kumbuyo, mtengo umene uli pafupi ndi kamera uyenera kuchitchinga. Fuleya ayi, iyo imabadwira mkati mwa lenzi, kuwala kukamagundagunda pa magalasi a m'katimo, ndiye imakhala pamwamba pa chilichonse, mtengo, munthu, mwala, palibe chimene chingaitchinge kupatula chimene chatchinga dzuwa lenilenilo. Mukasinthanitsa ziwirizi, cheza kudutsa pamwamba pa thunthu lapafupi, fuleya nkubisala kuseri kwa nthambi, diso la munthu limakana pompo olo munthuyo asadziwe kuti akukana chani.

Ndifotokoza ndi Photoshop chifukwa ndi imene ndimagwiritsa ntchito, koma pulogalamu iliyonse yokhala ndi maleya, masiki ndi Screen ipanga zomwezi. Tiyende ndi chithunzi chimodzi mpaka kumapeto: kanjira kodutsa m'nkhalango m'mawa, chojambulidwa ndi lenzi ya 24mm pa kamera ya sensa yaikulu ija ya 36mm m'litali, kukula kwake mapikiselo 6000 ndi 4000, thunthu lalikulu kumanzere pafupi ndi kamera, mitengo ina pakati, kumwamba chakumanja kukuwala pakati pa masamba.

Dzuwa lili pati kwenikweni?

Musanatsegule fyuluta iliyonse pezani kaye dzuwa. Chithunzi chili kale ndi dzuwa lake, kaya likuoneka kaya ayi, ndipo mithunzi ndi imene imaulula. Pangani leya yopanda kanthu, tengani Line Tool kapena bulashi yopyapyala yofiira, sankhani chinthu choima chilili pamalo osalala chomwe mthunzi wake ukuoneka wonse, chitsa, mwala wautali, kamtengo. Jambulani mzere kuchokera pa nsonga ya mthunzi kudutsa pa nsonga ya chinthucho nkupitirira mpaka m'mwamba. Pezani chinthu china mbali ina ya chithunzi mupangenso chimodzimodzi. Pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene pali dzuwa, palibenso zokambirana. Ngati nsonga za mitengo zatuluka kunja kwa chithunzi, tsatirani mithunzi ya mathunthu chobwerera, imakakumana pa mzere umene thambo lakumana ndi nthaka, ndipo dzuwa limakhala pamwamba penipeni pa malo amenewo, ndiye mwadziwa kale kuti ndi kumanja kapena kumanzere motani, chatsala ndi kutalika kokha.

Kutalikako mithunzi imanenanso. Mthunzi ukafanana kutalika ndi mwini wake dzuwa lili pa madigiri 45. Ukakhala wautali pafupifupi katatu lili cha pa 20, ukayandikira kasanu ndi kamodzi lili cha pa 10. Ndiye ngati mithunzi ya pachithunzi chanu ndi yaifupi, yaunjikana pansi pa mitengo, ndi masana amenewo, ndipo dzuwa lofiirira lotsika lija limene mwaliika pamwamba pa phiri likutsutsana ndi mthunzi uliwonse umene uli pansi. Izi simungazikonze ndi masiki.

Pa chithunzi chathu mizere yakumana pa mapikiselo 4500 kuchokera kumanzere ndi 900 kuchokera pamwamba, kuseri kwa masamba. Tsegulani Info panelo muwerenge manambalawo muwalembe penapake, kapena kokani magayidi awiri apingasane pamenepo, chifukwa chilichonse chimene tiike chichokera pa malo amodzi omwewa.

Tsono pali zithunzi zina zoti yankho lake ndi kungozisiya. Ngati mithunzi ikuthawa kamera, kulowera mkati mwa chithunzi, ndipo nkhope za mitengo ndi miyala zomwe zayang'ana kwa inu zawala bwinobwino, dzuwa linali kumbuyo kwa wojambula. Pamenepo fuleya singatheke, dzuwa silikulowa mu lenzi. Chimodzimodzi tsiku la mitambo yokhayokha lopanda mthunzi ndi umodzi omwe. Ngati mithunzi ikupita cham'mbali, dzuwa lili kunja kwa chithunzi kutali ndithu, cheza chopendekeka chikhoza kugwira ntchito koma madontho a fuleya odutsa pakati pa chithunzi iwalani. Ine ndimaona kuti mafeki ambiri amene timawaona si oti munthu sadziwa mabatani, ndi oti chithunzicho sichimayenera kulandira dzuwa kuyambira pachiyambi.

Cheza chikuoneka ngati chojambula ndi rula

Izi zimachitika mukagwiritsa ntchito bulashi ya cheza yokonzedwa kale kapena chithunzi cha cheza chochita kutsitsa, mizere yake yofanana kukula, yotalikirana mofanana, yosagwirizana ndi bowo lililonse la m'masamba anu. Cheza chenicheni ndi kuwala kumene kwapulumuka pa mpata, ndipo mizere yakuda ili pakati pakeyo ndi mithunzi ya nthambi yoyenda mu mpweya. Ndiye njira yabwino ndi kuchipanga kuchokera ku mabowo a chithunzi chanu chomwecho.

Zimitsani kaye leya yofiira ija, dinani Ctrl+Alt+Shift+E kuti mupeze leya imodzi ya zonse zomwe zikuoneka, ichotseni mtundu ndi Ctrl+Shift+U, kenako Ctrl+L kutsegula Levels. Kokani kakatatu kakuda kapite kumanja kwambiri, cha pa 200 kapena 220, mpaka chithunzi chonse chide kutsale timabowo toyera tokha ta pakati pa masamba. Apa ndi pamene anthu amadumpha sitepe yofunika. Pakhala patatsala zoyera zina zomwe si mipata ya kumwamba, mwala wowala pansi, madzi, malaya a munthu, mchenga wa panjira. Tengani bulashi yakuda muzipake zonsezo. Mukazisiya nazonso zitulutsa cheza, ndipo mudzadabwa kuona kuwala kukutuluka m'mwala kulowera pansi. Mabowo amene ali kutali kwambiri ndi dzuwa, mbali ina ya chithunzi, nawonso achepetseni, musiye a pafupi ndi dzuwa ndi ena ochepa apakati.

Isandutseni leyayo Smart Object, kenako Filter > Blur > Radial Blur, Blur Method ikhale Zoom, Amount 100, Quality pa Best. Kabokosi ka Blur Center nkovuta chifukwa sikaonetsa chithunzi chanu, mumangoona timizere basi, ndiye gwiritsani ntchito manambala aja: 4500 pa 6000 ndi magawo atatu mwa anayi kuchokera kumanzere, 900 pa 4000 ndi kuchepera pang'ono gawo limodzi mwa anayi kuchokera pamwamba. Kokerani pakati pake pamenepo, OK, muone ngati mizere ikukumana pa magayidi anu. Siikumana ulendo woyamba, nchifukwa chake tapanga Smart Object, mungodina kawiri pa dzina la fyuluta nkusuntha pang'ono. Zikakhala bwino bwerezani fyulutayo kachiwiri kuti timadontho tisungunuke tikhale mizere yosalala, kenako sinthani leya kukhala Screen. Screen imasiya chakuda osachiwerengera nkomwe ndipo imangowonjezera chowala, nchifukwa chake timafuna kuti kumbuyoko kukhale kwakuda bii, osati kotuwa. Mukaona chithunzi chonse chachita mbuu mutangosintha kukhala Screen, ndiye kuti chakuda chanu sichinafike pa 0, bwererani ku Levels.

Mwina mizere yatuluka yaifupi. Zoom imakoka kwambiri zinthu zomwe zili kutali ndi pakati, zapafupi imangozikoka pang'ono, ndiye mabowo oyandikana ndi dzuwa amabereka cheza chachifupi. Kuti chitalike dinani Ctrl+T, gwirani Alt nkudina pa dzuwa kuti kachizindikiro kapakati kasamukire pamenepo, kenako mutagwirabe Alt kokani kona, leya ikula kuchokera pa dzuwa ndipo mizere italika osasiya njira yake. Musakulitse mopyola chifukwa poyambira cheza pasuntha kuchoka pa mabowo ake, kukula kwa 120 kapena 130 peresenti kumakwana. Ndipo ngati dzuwa lanu lili kunja pamwamba pa chithunzi, Blur Center singatuluke m'bokosi lake, ndiye wonjezerani kaye malo ndi Image > Canvas Size, dzazani malo atsopanowo ndi chakuda, pangani bula yanu, kenako mudule kubwerera pa saizi yakale.

Wina afunsa kuti nanga si dzuwa lili kutali kwambiri, cheza sichiyenera kuyenda mondondozana osatambasuka? Zoona chimayenda mondondozana, koma kwa ife chimaoneka chotambasuka chifukwa chikubwera chakuno, ngati mmene njanji ziwiri zimaonekera kuti zakumana kutsogolo uko pomwe sizikumana. Ndiye pa chithunzi mizere yonse mukaitsatira chobwerera iyenera kukathera pa dzuwa, yonse, osatsala umodzi. Mukaika magulu awiri a cheza okumana malo osiyana mwaika madzuwa awiri. Pokhapokha dzuwa likakhala cham'mbali kutali kunja kwa chithunzi, kapena munajambula ndi lenzi yokoka zakutali, ndi pamene mizere imaoneka ngati yondondozana, ndipo pamenepo Motion Blur yokhala ndi Angle yogwirizana ndi mithunzi imachita bwino kuposa Radial Blur.

Cheza chikuyandama pamwamba pa chithunzi

Apa nde pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndikhalitsapo. Malo mwapeza olondola, mizere ikuchokera m'mabowo enieni, komabe chikuoneka ngati chili pa galasi kutsogolo kwa chithunzi. Chifukwa choyamba ndi thunthu lija lapafupi. Pakati pa kamera ndi thunthu limenelo pali mpweya wa mamita awiri kapena atatu basi, mulibe nkhungu yokwanira kuti cheza chioneke, ndiye thunthulo liyenera kukhala lakuda, loyera m'mphepete mokha, cheza chikudutsa kuseri kwake. Ikani masiki pa leya ya cheza, sankhani thunthulo bwinobwino, lipakeni chakuda pa masiki. Mitengo yapakati musaichotsere chonse, ipakeni ndi bulashi yakuda ya Opacity 40 kapena 50 chifukwa cheza china chikudutsa kutsogolo kwake china kumbuyo. Yakutali isiyeni imire m'kuwalako. Mukangochita zitatuzi chithunzi chimapeza kuya nthawi yomweyo, ndipo kawirikawiri ndi apa pamene feki imatha.

Pa nthambi zing'onozing'ono ndi masamba zoti simungazisankhe ndi dzanja, Blend If imathandiza. Dinani kawiri pa leya, pansi pa bokosilo pali Underlying Layer, gwirani Alt nkukoka theka la kakatatu kakuda kupita kumanja, mwina kufika 60 kapena 80. Cheza chichepa pa malo akuda kwambiri. Koma samalani nayo, chifukwa Blend If sidziwa kuti chakuda ichi ndi nthambi yapafupi ndipo chakuda icho ndi mthunzi wa nkhalango yakutali, ndipo cheza chenicheni chimaoneka bwino kwambiri pamene kumbuyo kwake kuli mdima. Mukaikoka mopyola mupha cheza pamalo pomwe chimayenera kukongola. Ndiye pang'ono chabe, zotsala muzichita ndi masiki. Pa thambo lowala kale ndiye cheza sichioneka nkomwe, mizere yoyera pamwamba pa thambo loyera ndi chizindikiro china chodziwira feki, ifufuteni kumeneko. Muonanso kuti bula yapaka timizere tina kuchokera pa bowo kubwerera ku dzuwa, pamwamba pa masamba amene akutchinga, nato tichotseni, cheza chimayambira pa mpata kubwera kuno.

Chifukwa chachiwiri ndi mpweya woyera mopyola. Ngati phiri lakutali likuoneka lakuthwa, mitengo yakumapeto ili yakuda bii ngati yapafupi, chithunzicho chikunena kuti kunalibe nkhungu tsiku limenelo, ndiye cheza chikuoneka pa chani? Muyenera kuika nkhunguyo. Pangani leya ina pansi pa cheza, tengani mtundu ndi Eyedropper pa thambo pafupi ndi dzuwa, bulashi yaikulu yofewa, Flow 3 mpaka 5 peresenti, pakani pang'onopang'ono pa mitengo yakutali ndi yapakati makamaka mbali ya dzuwa, leya pa Screen, masiki ya thunthu lapafupi yomweyo muikopere pano pogwira Alt nkuikoka. Kapena Curves, kwezani kona yakumunsi kumanzere kuti chakuda chakutali chikhale cha pa 25 kapena 30 m'malo mwa 0. Zimawawa kutaya kontirasiti imene munaivutikira, ndikudziwa, koma kuyang'ana dzuwa mu nkhungu kumadya kontirasiti ndipo simungakhale nazo zonse ziwiri. Nkhungu imamwaza kuwala kwambiri kupita kutsogolo, mbali yomwe kuwalako kumalowera kale, nchifukwa chake cheza chimakhala champhamvu pafupi ndi dzuwa nkumafooka mukamapita kumbali. Ikani Gradient yozungulira pa masiki kuti chizizimirira choncho, Mode yake pa Multiply kuti isafufute zimene mwapaka kale, ndipo pakaninso apa ndi apo ndi bulashi yofewa kuti mzere umodzi usakhale ndi mphamvu yofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, nkhungu simakhala yofanana paliponse.

Chachitatu, cheza chimatera penapake. Mzere wa kuwala ukafika pansi pamakhala kachigamba kowala pa udzu kapena panjira. Yang'anani chithunzi chanu, ngati pali kale zigamba za dzuwa pansi ndiye mwayi, siyani cheza chomwe chikuloza pa zigambazo, chomwe chikuthera mumdima chichepetseni. Ngati palibe, pangani Curves yowalitsa yokhala ndi masiki yakuda, pakani choyera pamene cheza chatera, chigambacho chikhale chophwatalala motsatira nthaka osati chozungulira, ndipo muwalitseko m'mphepete mwa mathunthu ndi masamba mbali yoyang'ana dzuwa. Osawalitsa mbali yoyang'ana kamera, imeneyo ili mumthunzi.

Nkhani ya kuthwa kwa mizere nayo ili ndi lamulo lake. Dzuwa si kadontho, m'mwamba limatenga pafupifupi theka la digiri, ndiye m'mphepete mwa mthunzi uliwonse mumafewa pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse kuchokera pa chinthu chotchingacho. Cheza chimakhala chakuthwako pamene changotuluka pa masamba, chikayenda mamita khumi m'mphepete mwake mwafewa masentimita pafupifupi 9. Pa leya yanu ikani Gaussian Blur ya mapikiselo 4 kapena 5 paliponse, kenako ichiteni Rasterize leyayo, sankhani kumunsi kokha ndi m'mphepete mofewa nkuika ina ya 15 mpaka 20, chifukwa mafyuluta onse a Smart Object imodzi amagawana masiki imodzi. Manambalawa ndi a chithunzi cha 6000, chanu chikakhala chaching'ono achepetseni molingana.

Mtundu musaupeke. Cheza choyera mbee pa chithunzi cha m'mawa chimaoneka chozizira, chachikasu chenicheni chimaoneka ngati penti. Tengani mtundu pa chinthu chomwe dzuwa likuchimenya kale pachithunzipo, ikani leya ya Solid Color pa Multiply kapena Hue/Saturation yokhala ndi Colorize, imangirireni ku leya ya cheza ndi Ctrl+Alt+G, Saturation ikhale yotsika, 20 mpaka 30. Mukamaliza zonsezi ndi pamene muyenera kukhudza Opacity, ndipo nthawi zambiri imakhazikika pakati pa 25 ndi 45.

Tsono fuleya

Filter > Render > Lens Flare ili ndi mitundu inayi, 50-300mm Zoom, 35mm Prime, 105mm Prime ndi Movie Prime. Yoyambayo aliyense amene wakhalapo pa kompyuta amaizindikira ali patali, mphete zake zija ndi madontho ake, ndiye mukaiika mmene ilili mwasaina kuti ndaika fyuluta. Ine ndimayambira pa 105mm Prime chifukwa ili ndi zokongoletsa zochepa, Brightness cha pa 60 mpaka 80.

Fyulutayi imakana leya yopanda kanthu, ndipo mukaiika pa chithunzi chenicheni simungaisinthenso. Chitani chonchi: ikani kaye pa leya ya chithunzi kuti muone pamene mukuika kamtanda, kakhale pa dzuwa lathu lija, OK, kenako Ctrl+Z. Pangani leya yatsopano pamwamba pa zonse, idzazeni chakuda, pitani pa Filter, pamwamba penipeni pali dzina la fyuluta yomaliza, dinani pamenepo ibwera pamalo omwewo, leya pa Screen. Mukaphonya malo musaikoke ndi Move Tool, bwerezani. Kuikoka kumaonetsa m'mphepete mwa leya ngati mzere wowongoka pathambo, komanso kumaphwanya lamulo lalikulu la fuleya.

Lamulolo ndi lakuti madontho a fuleya amandandalika pa mzere umodzi wochokera pa dzuwa kudutsa pakati penipeni pa chithunzi mmene chinajambulidwira. Pa chithunzi chathu pakati ndi 3000 ndi 2000, dzuwa lili 4500 ndi 900, ndiye mzere ukutsika kulowera kumanzere nkudutsa pa 1500 ndi 3100. Dontho lililonse likhale pa mzere umenewo. Amene mumajambula ndi foni mwakaonapo kadontho kobiriwira kamene kamabwera mbali inayo ya chithunzi mukaloza dzuwa, mukasuntha foni nako kamasuntha, ndi lamulo lomweli. Nchifukwa chake fuleya yochita kutsitsa imavuta, munthu amaitembenuza mpaka ikongole osaona kuti madontho akupita kumene lenzi singawapititse. Ngati mudzadula chithunzi ikani fuleya musanadule. Ndipo pa 1500 ndi 3100 ndi pamene pali thunthu lathu lapafupi, lomwe tinalichotsera cheza lija. Dontho la fuleya likhale pamwamba pake, musalifufute, malo akuda ngati amenewo ndi pamene fuleya yeniyeni imaonekera bwino.

Madonthowo achepetseni, awiri kapena atatu ofooka akwana, ena afufuteni ndi masiki, ikani Gaussian Blur ya 6 mpaka 10, tsitsani Saturation. Chimene chimapangitsa fuleya kukhulupirika si madontho ayi, ndi chifunga chowala chija chozungulira dzuwa chomwe chimadya m'mphepete mwa nthambi ndi masamba oyandikana nalo. Nthambi imene yadutsa pafupi ndi dzuwa singakhale yakuda ndi yakuthwa, imaoneka yopyapyala, yofiirira, ngati ikusungunuka. Pangani zimenezi ndi bulashi yofewa pa leya ya Screen, dontho lalikulu lofooka la mtundu wa lalanje, pakati pake laling'ono lachikasu chotuwa, pakatikati loyera. Pakati pa dzuwa pamayenera kupsa kufika 255, mtundu umakhala m'mbali. Dzuwa lachikasu mpaka pakati, kapena lotuwa chifukwa mwatsitsa Opacity ya leya yonse moti mtambo wina ukuwala kuposa ilo, ndi feki yoonekeratu. Ndiye pakati poyerapo pakhale pa leya yakeyake imene simuitsitsa.

Kukula kwa dzuwa nakonso kumagwiritsa anthu. Pa sensa, dzuwa limakhala pafupifupi kutalika kwa lenzi kugawa ndi 110. Pa 24mm ndi kachigawo ka milimita, mapikiselo osafika 40 pa chithunzi cha 6000. Pa 200mm ndi pamene limafika cha pa 300. Ndiye mpira waukulu wa dzuwa pa chithunzi chotambalala choonetsa chigwa chonse sungatheke, chachikulu ndi chifunga chake, dzuwa lenilenilo ndi kakang'ono.

Mukafuna nyenyezi ija ya minga, kumbukirani kuti imabwera apecha ikatsekedwa kwambiri, f/11, f/16, f/22, ndipo pamenepo chithunzi chimakhala chakuthwa kuyambira pafupi mpaka kutali. Nyenyezi yakuthwa pa chithunzi chomwe kumbuyo kwake kwasungunuka chifukwa munajambula pa f/2 sizigwirizana. Minga yake imawerengedwa ndi timapeni ta apecha, tikakhala 6 minga 6, tikakhala 8 minga 8, koma tikakhala 7 minga ndi 14, tikakhala 9 ndi 18, ndiye nyenyezi ya minga 5 kapena 7 lenzi siitulutsa. Koma pa chithunzi cha nkhungu ngati chathuchi ine sindingaike nyenyezi yamphamvu, nkhungu yokwanira kuonetsa cheza imakhala yafewetsa kale dzuwa, ndipo cheza champhamvu, nyenyezi ndi madontho zonse pamodzi zimachuluka. Sankhani chimodzi chitsogole.

Mizeremizere pathambo ndi kusalala kokayikitsa

Mwamaliza, mwasevu, mukuona mikombero ngati masitepe kuzungulira dzuwa. Chithunzi cha 8-bit chili ndi masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse, ndiye kuwala kofewa kotambalala malo aakulu kumasowa masitepe okwanira. Sinthani kupita Image > Mode > 16 Bits/Channel musanayambe kupanga maleya a kuwala, osati mutamaliza. Komanso chithunzi chochokera mu kamera chimakhala ndi timchenga take, pomwe cheza chanu ndi fuleya nzosalala kotheratu, mukazuma pa 100 peresenti kusiyanako kumaoneka. Filter > Noise > Add Noise, Amount 1 mpaka 2, Gaussian, chongani Monochromatic, pa maleya a kuwalawo, mpaka timchenga tifanane ndi ta chithunzi. Zomwezo zimaphwanyanso masitepe aja, ndipo posevu JPEG musatsitse kwalite kwambiri chifukwa amabwereranso.

Poyesa ngati zatheka, ikani Curves yongoyembekezera pamwamba pa zonse muipinde mopenga, kukwera kutsika kukweranso, mitundu isokonekera koma m'mphepete mwa leya iliyonse imene munaiwala, malo amene masiki yadumpha ndi masitepe onse zituluka poyera. Ichotseni, ikani Threshold pa 250 muone chomwe chatsala choyera, chiyenera kukhala dzuwa ndi timalo tochepa pafupi nalo, ngati cheza chonse chikuonekabe pamenepo ndiye chawala mopyola. Kenako yatsaninso leya yofiira ija ya mizere ya mithunzi muone ngati cheza, pakati pa fuleya ndi mithunzi zikulozabe pa 4500 ndi 900, chifukwa Ctrl+T ija nthawi zina imasunthako pang'ono osazindikira, ndipo mukapeza zasiyana ndi mapikiselo 100 kapena kuposa, sunthani leya ya cheza yokha mutamasula kaunyolo kapakati pa leya ndi masiki yake kuti masiki ikhale pomwe ili pa mitengo.